Mmene mungalembere fakitale ya ku China kufunsa MOQ, katumizidwe ndi mtengo wa sampulo

Ndatopa nako kuyankha funso limodzimodzi, mwezi sutha popanda wina wondipeza kuti "asisi tandilembereniko kameseji ndiwatumizire aku China aja", nde ndati ndingolemba kamodzi basi, wina akadzafunsanso ndizingomupatsa zomwezi. Ine geni yanga ndi zikwama za ana asukulu, ndimaoda ku China n'kumapikulitsa kwa mavenda ndi amagolosale ku Limbe, choncho zitsanzo zonse zikhala za zikwama. Koma kaya inu mukufuna nsapato, kaya matochi a sola, kaya mapoto, mafunso ake ndi omwewa.

Choyamba chotsani m'mutu mtengo uja mwauona pansi pa chithunzi pa Alibaba, tsamba la pa intaneti limene mafakitale a ku China amatsatsirapo katundu. Umene uja ndi nyambo chabe, nthawi zambiri umakhala wa munthu wooda zikwama masauzandemasauzande, kukatengera yekha pakhomo pa fakitale. Mtengo weniweni umabwera mukafunsa bwino, ndipo ukabwera opanda dzina la malo pambali pake, opanda kukula kwa katoni, ndekuti simunayankhidwe. Manambala a madola amene ndiikemo munomu ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke, inuyo mudzaikepo amene akupatsani.

1. Musanalembe, dziwani chimene mukufunsa

Meseji yoti "moni, zikwama ndi zingati" amailandira kambirimbiri pa tsiku ndipo amene amayankha uja ndi kamtsikana kapena kamnyamata ka malonda kamene kamalipidwa malinga ndi maoda amene kakola, nde kakaona kuti uyu sakudziwa chomwe akufuna kamangokuponyerani katalogi n'kukuiwalani. Lembani kaye papepala: chikwama chachikulu bwanji, nsalu yanji, mitundu iti, mukufuna dzina lanu lisindikizidwepo kapena ayi, zingati, ndipo zifike liti. Nsalu ya zikwama amaitchula ndi nambala, muona alemba 600D kapena 900D, nambala ikamakula ulusi wake umanenepa. Ya m'kati ija yopyapyala kawirikawiri ndi 210D. Mukapanda kutchula, adzakuwerengerani nsalu yotchipitsitsa kuti mtengo wawo uoneke wabwino, inu n'kumasangalala.

Chithunzi tumizani ndithu. Ngati muli ndi chikwama chimene mukufuna chofanana nacho, chijambuleni kutsogolo, kumbuyo, m'kati, ndi pamene lamba walumikizana ndi chikwama, poti ana amadulira pamenepo.

Ndipo musalembere fakitale imodzi. Lemberani zisanu kapena zisanu ndi imodzi kalata yofanana ndendende, kuti mayankho muthe kuwaika pamodzi n'kufananiza.

2. Kalata yake

Chizungu cha kusukulu chija cha "ndikulemba kalatayi modzichepetsa" chisiyeni. Wowerenga uja Chingerezi si chake ngati mmene sichilili chanu, mwinanso akuchita kumasulira pa foni, nde ziganizo zazitali zimasokonekera m'njira. Mafunso muwaike manambala, chifukwa mukawaunjika m'ndime imodzi amayankha loyamba lokha, ena onse zii. Yanga imaoneka chonchi:

```
Subject: School backpack, 300 pcs trial order, Malawi

Hello, I am a wholesaler in Blantyre, Malawi.
Item: 16 inch backpack, 600D polyester, photos attached.
1. MOQ per colour? Which colours are in stock?
2. Unit price for 300 / 500 / 1000 pcs?
3. Price EXW, FOB (which port?), and delivered
   to my forwarder in Guangzhou?
4. Pcs per carton, carton size, gross weight?
5. Sample cost and time? Refundable on order?
6. Production time, payment terms, price valid until?
```

Yatha pomwepo. MOQ, EXW, FOB ndi `forwarder`, amene ndi a kago, ndizifotokoza kutsogoloku. Musanamemo zoti muli ndi mashopu 20 ndipo mudzaoda makontena mwezi ndi mwezi, bodza limenelo analimva kale kwa aliyense, ndipo likagwira ntchito adzakupatsani mtengo wa kontena umene udzasinthe tsiku lomwe mudzanene kuti mukufuna 300. Musalembenso kuti ndinu ongoyamba kumene ndipo mpamba ndi wochepa, zimenezo ndi za mumtima mwanu. Mawu oti oda yoyesera akwanira, amawamvetsa.

Aku China ali patsogolo pathu ndi maola 6, pamene kuno ili 8 koloko m'mawa kwawo ili 2 koloko masana. Mukalemba madzulo muweruke, yankho mulipeza kukacha, ndekuti funso limodzi limadya tsiku lathunthu, ichi n'chifukwa chake mafunso onse ayenera kupitira limodzi. Akakupemphani kuti musamukire pa WhatsApp kapena WeChat palibe vuto pochezerana ndi kutumizirana zithunzi, koma chilichonse chokhudza mtengo ndi zomwe mwagwirizana chibwerere pa imelo kapena pa Alibaba pomwepo, mawu ojambula aja sadzakuthandizani tsiku la mlandu.

3. MOQ, ndi chifukwa chake saichotsa

MOQ ndi chiwerengero chochepetsetsa chimene fakitale ingavomere kupanga. Ambiri amaiona ngati nkhanza kapena njira yokakamiza kuti ugule zambiri, koma ili ndi gwero lake. Fakitale ya zikwama siluka nsalu, imagula kwa ena m'mipukutu, ndipo mukafuna mtundu wanuwanu wa yunifolomu ya sukulu inayake, onyika nsalu aja nawonso ali ndi mlingo umene sangatsike. Kuwonjezera apo pali kutchera makina odulira, kukonza chosindikizira dzina lanu, kuimitsa mzere wa osoka kuti ayambe chikwama china, ntchito imeneyo ndi yofanana kaya zikwama ndi 100 kaya 5,000.

Msampha uli apa: akalemba `MOQ 500`, funsani kuti 500 ya chiyani. Kawirikawiri ndi 500 pa mtundu umodzi wa chikwama chimodzi. Inu mukuganiza 500 zosakaniza, zakuda, zabuluu, zapinki, za atsikana ndi za anyamata, iwo akuwerenga mitundu itatu kuchulukitsa 500, zikwama 1,500. Ndinaonapo mnzanga wina atakambirana milungu itatu yathunthu, mpaka ndalama kuyamba kusonkhanitsa, kudzazindikira zimenezi pa invoisi.

Mukadziwa gwero lake, kunenerera kumaphweka, chifukwa simupempha chifundo, mukuchotsa chimene chikuwavuta. Funsani mitundu imene nsalu yake ali nayo kale m'nyumba yosungira, yakuda ndi yabuluu wakuda sizisowa. Dzina lanu lisiyeni kaye pa oda yoyamba, kapena liikeni pa kapepala kolendewera m'malo mosindikiza pansalu. Vomerani kukwera pang'ono kwa mtengo, mwachitsanzo ati 500 ndi madola 4.20 chimodzi, inu mukuti 300 za mitundu iwiri imene ilipo kale, iwo n'kuti 4.60. Kusiyana kwa masenti 40 pa zikwama 300 ndi madola 120, pamene zikwama zina 200 zimene simukuzifuna zikanakudyerani madola 840 n'kukhala m'nyumba kudikira Seputembala wa chaka chamawa. Njira ina ndi kufunsa ngati pali oda ya munthu wina ya chikwama chomwecho imene ikusokedwa posachedwa, kuti zanu akweze pomwepo.

Wina akakuyankhani msangamsanga kuti ngakhale 20 akupatsani, mtundu uliwonse, ndipo patsamba lake akugulitsanso maambulera, mawigi ndi machaja, ameneyo si fakitale, ndi kampani yapakati imene imakatenga pamsika. Sikuti ndi akuba ayi, kwa munthu wa oda yaying'ono nthawi zina ndi amene amathandiza, kungoti dziwani kuti pamtengopo pali phindu lawo, ndipo mukadzafuna chikwama chomwecho ulendo wachiwiri mwina sichidzafanana.

4. Zilembo zitatu zija, pamene anthu ambiri amagwera

Apa ndichedwapo chifukwa malangizo ambiri amene mungawapeze analembera anthu okhala m'maiko a madoko, kumene sitima ikafika ndekuti katundu wafika. Ife nyanja yathu siifika ku China. Katundu wathu amatsikira ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban, kenako ayende pamsewu kapena panjanji kudutsa dziko la eni, adzalowere pa Mwanza, pa Dedza, pa Songwe kapena pa Nayuchi. Gawo lotsirizali ndi limene limaluma, ndipo wogulitsa wa ku China sakuliganizira n'komwe, ena sadziwanso kuti Malawi ili pati.

Zilembo zitatu zija za m'kalata muja, monga EXW ndi FOB, zimatchedwa Incoterms, ndi malamulo amene amalemba a International Chamber of Commerce, atsopano ake ndi a 2020. Ntchito yake ndi kunena malo amene udindo wa wogulitsa ukuthera ndi pamene wanu ukuyambira, pa ndalama komanso katundu akaonongeka. N'chifukwa chake nthawi zonse zimayenda ndi dzina la malo. FOB yokhayokha siitanthauza kanthu, iyenera kukhala `FOB Shenzhen` kapena `FOB Ningbo`, malinga ndi kumene fakitale ili.

EXW ndiye mtengo wa pakhomo pa fakitale. Amaoneka wotsika kuposa onse chifukwa mulibe chilichonse, galimoto yokatenga ndi yanu, mapepala otulutsira katundu m'China ndi anu. FOB ndekuti iwo anyamula mpaka padoko la kwawo, akonza mapepala otulutsira, akweza m'sitima, kuyambira pamenepo ndi zanu. CIF ndekuti alipiranso sitima ndi inshuwalansi mpaka padoko limene latchulidwa. DDP ndekuti akuti akufikitsirani pakhomo msonkho atalipira.

Munthu woyamba akamva zimenezi amathamangira CIF poganiza kuti yaphweka, inenso ndinatero. Oda yanga yoyamba ndinavomera `CIF Beira`, mtengo wa sitima unali wotsika modabwitsa moti ndinkadziona wochenjera. Makatoni atafika ku Beira ndi pamene ndinalandira pepala lochokera kwa ejenti wa kumeneko amene sindinamusankhe ine, anachita kusankhidwa ndi otumiza aja, pali ndalama yotsitsira, ndalama yotsegulira kontena poti katundu wanga anali m'kontena yosonkherana ndi anthu ena, ndalama ya mapepala, ndalama yosungira imene inkakwera tsiku ndi tsiku pamene ine ndikuthamangathamanga kusaka madola, ndipo zonsezo katundu asanayambe n'komwe ulendo wa ku Mwanza. Umu ndi mmene masewerawa amayendera, mtengo wa sitima amautsitsa kumene kuja kuti inu mukopeke, n'kudzaubweza kuno kumene simungakane chifukwa katundu ali m'manja mwawo. Zikwama zija zinafika sukulu zitatsegulira kale.

Palinso zinthu ziwiri za CIF zimene ambiri sadziwa. Ngakhale wogulitsa walipira sitima mpaka ku Beira, katundu akangokwera sitima ku China, chilichonse chomuonekera panyanja ndi tsoka lanu, inu ndi amene mukalimbane ndi a inshuwalansi. Ndipo inshuwalansi imene CIF imamukakamiza kugula ndi yotsikitsitsa, yoteteza pa zinthu zikuluzikulu monga moto kapena sitima kumira, osati makatoni kubedwa kapena kunyowa. Mukafuna yokwanira muchite kunena.

Ngati mwasankhabe kuti katundu adzere padoko m'dzina lanu, onetsetsani kuti pa pepala la sitima, limene amalemba `Bill of Lading`, pali mawu oti `in transit to Malawi`. Popanda mawu amenewa katundu amaoneka ngati wothera ku Mozambique kapena ku Tanzania komweko, ndipo kukonzetsa pepalalo sitima itafika kale ndi ndalama komanso masiku. Awuzeni akutumizireni kope yake musanavomere kuti asindikize yeniyeni, muwerenge dzina lanu, chiwerengero cha makatoni ndi mawu amenewa.

Nanga ine ndimatani pano? Pa oda ya makatoni 10 kapena 20 sindilimbana nazo za madoko. Ku Guangzhou ndi ku Yiwu kuli makampani osonkhanitsa katundu wa anthu ambiri m'kontena imodzi yobwera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, amene timangoti a kago aja. Amakupatsani adiresi ya nyumba yawo yosungira katundu ndi chizindikiro choti chilembedwe pa katoni iliyonse, nthawi zambiri dzina lanu ndi nambala ya foni. Ndiye funso langa kwa fakitale limakhala lija lachitatu m'kalata muja, mtengo wofikitsa kwa a kago anga ku Guangzhou. Funso limeneli ndi lofunika chifukwa China ndi yaikulu abale, zikwama zambiri zotchipa zimasokedwa ku Baigou m'chigawo cha Hebei, kumpoto kufupi ndi Beijing, pamene Guangzhou ili kumwera kwenikweni, nde mtengo wa EXW wa ku Baigou ndi wa fakitale ya mu Guangzhou momwemo simungaufananize musanaonjeze galimoto.

A kagowo muwafunse padera musanalipire fakitale: pa kyubiki mita ndi zingati, mtengowo ukuthera pati, msonkho wa MRA ulimo kapena mudzalipira nokha, ndipo mapepala a kasitomu adzatuluka m'dzina la ndani. Funso lotsirizali musalidumphe, makamaka ngati ndalama mwatumiza kudzera ku banki, poti banki imadzafuna mapepala osonyeza kuti katundu amene munalipira uja analowadi m'dziko. Chimodzimodzi wogulitsa amene akukulonjezani `DDP Blantyre` pa mtengo wokoma, mufunseni kuti msonkho alipira ndani ndipo risiti yake mudzaiona. Akayamba kuzungulira, mukudziwa kale.

Msonkho wa kasitomu amawerengera pa mtengo wa katundu ataphatikiza mayendedwe ndi inshuwalansi, osati pa mtengo wa fakitale wokha, kenako VAT imabwera pamwamba pa zonsezo. Zikwama zili m'gulu la nambala 4202 pa mndandanda wa kasitomu. Tengani nambala imene fakitale yakupatsani mupite nayo kwa ejenti wochotsa katundu kuno kumudzi akuwerengereni musanaode, akuuzeninso ngati katundu wanuyo ali m'gulu lofunika kuyendera a Malawi Bureau of Standards. Ndipo wogulitsa akadzakufunsani mwaulemu kuti pa invoisi alembe mtengo wotsika kuti msonkho uchepe, kanani. A kasitomu mitengo ya zikwama amaidziwa, akhoza kukweza okha mtengowo n'kukulipiritsani chindapusa, komanso invoisi yosiyana ndi ndalama imene inatuluka ku banki ndi mlandu wina pawokha.

5. Masamu a katoni

Funso lachinayi lija la kukula kwa katoni anthu amaliona ngati lachabe, koma ndi limene limandiuza fakitale yoti nditenge. Panyanja katundu wopepuka ngati zikwama salipira kulemera, amalipira malo amene watenga, ndipo malowo amayeza mu kyubiki mita, imene pa mapepala amalemba CBM. Kuwerengera kwake, miyezo ikhale m'mamita:

```
0.60 x 0.45 x 0.50 = 0.135 CBM
```

Tiyerekeze fakitale yoyamba yati madola 4.60 kufikitsa ku Guangzhou, zikwama 30 m'katoni ya msinkhu umenewu. Zikwama 300 ndi makatoni 10, ndekuti 1.35 CBM. A kago akati madola 300 pa kyubiki mita, mulipira madola 405, chikwama chimodzi chadya 1.35, chafika pa 5.95. Fakitale yachiwiri yati 4.30, mtima n'kudumpha, koma chikwama chawo chili ndi siponji yolimba kumsana chosapindika, m'katoni yomweyo zimalowa 20 zokha. Makatoni 15, kupitirira pang'ono 2 CBM, madola pafupifupi 608, chikwama chimodzi 2.03, chafika pa 6.33. Yotchipa ija yasanduka yodula ndi masenti 38, msonkho tisanauike n'komwe, umenenso ukwere poti umawerengera mayendedwe omwe.

Sindikunena kuti cha siponji chija n'choipa, mwina makasitomala anu angachigule pamtengo wokwera, koma musankhe mukudziwa. Mutha kufunsanso ngati angathe kuzipanikiza kuti zilowe zambiri m'katoni, bola zisapindike mpaka kuonongeka maonekedwe. Fakitale imene ikulephera kukuuzani kukula kwa katoni ya chinthu chimene ikuti imapanga tsiku ndi tsiku, ine ndimaichotsa pamndandanda.

6. Sampulo

Anthu amakwiya akamva kuti chikwama cha madola 4 sampulo yake ndi madola 50, amati akutibera. Funsani kaye kuti ndi sampulo iti. Ilipo yongotenga pa shelefu, imeneyo imakhala yotchipa kapena yaulere, inu mumangolipira kutumiza. Ilipo yochita kusoka motsata zofuna zanu, munthu mmodzi akhale pansi adule ndi manja, asoke chimodzi chokha, imeneyo ndi imene imadula ndipo imatenga sabata kapena awiri. Mafakitale ambiri amavomera kudzachotsera ndalama ya sampulo pa oda, koma pokhapokha munafunsa poyamba ndipo zinalembedwa, funsaninso kuti amabweza oda ikafika zingati, poti ena amati pokhapokha mwakwanitsa MOQ yawo yonse.

Chimene chimapweteka kwenikweni si sampulo, ndi ndege. Makampani otumiza mwachangu monga DHL amayeza kulemera komanso kukula kwa bokosi n'kulipiritsa chimene chakula pa ziwirizo. Kukula amakusandutsa makilogalamu chonchi, miyezo m'masentimita:

```
45 x 35 x 25 / 5000 = 7.9 kg
```

Zikwama zitatu zolemera makilogalamu awiri mwina, mulipira ngati 8. Nde auzeni azifinye m'thumba la pulasitiki m'malo mwa bokosi. Njira ina imene ndimakonda, masampulo a mafakitale atatu onse apite kwa a kago ku Guangzhou, kutumiza m'China momwemo n'kotchipa kwambiri, iwo awamange pamodzi abwere pa katundu wa ndege. Zimachedwerapo masiku angapo koma mumalipira kamodzi. Konzekeraninso kuti a kasitomu akhoza kufuna msonkho ngakhale pa sampulo, mawu oti sampulo pa bokosi si chiphaso.

Ikafika musangoiyang'ana n'kuti yokongola. Ine ndimalongamo mabuku ndi njerwa ziwiri, kuipachika pa msomali usiku wonse, m'mawa ndione ngati ulusi wa pa lamba wayamba kumwetulira. Zipi ndimaitsegula n'kutseka mpaka dzanja litope, nsalu ndimaipukuta ndi kansalu koyera konyowa kuona ngati ikusuluka, poti chikwama chosuluka pa malaya oyera a yunifolomu chidzakubwererani ndi mayi ake a mwana ali kumbuyo. Kenako ndimaipatsa mwana wa achimwene anga apite nayo kusukulu sabata imodzi, ameneyo ndiye woyesa wamkulu.

Imene mwaivomera isaineni ndi cholembera chosafufutika, ijambuleni, muisunge, osaigulitsa. Muwalembere kuti katundu yense afanane ndi sampulo imeneyi, ndipo mutchulenso nsalu, zipi ndi kulemera kwa chikwama chimodzi m'magalamu. Kulemerako ndi kachinsinsi kabwino, akasintha nsalu kuika yopyapyala diso likhoza kunamizidwa koma sikelo ikuuzani.

7. Invoisi yoyambirira ndi kalendala

Mukagwirizana, apempheni `Proforma Invoice`, ena amangolemba PI. Ndi pepala limene mupite nalo ku banki pofunsira madola. Liwerengeni mzere ndi mzere: chikwama chafotokozedwa mokwanira, chiwerengero pa mtundu uliwonse, zilembo zitatu zija ndi dzina la malo, makatoni ndi CBM, masiku osokera, ndalama ya sampulo yachotsedwa. Kalipiridwe kofala ndi 30 peresenti poyamba, 70 yotsala katundu atatha asananyamuke, ndipo musanatumize yotsalayo akuonetseni zithunzi ndi vidiyo ya makatoni anu ali ndi chizindikiro chanu, kapena mutume munthu akatsegule makatoni angapo. Masiku osokera amayamba kuwerengedwa dipoziti ikafika, osati tsiku limene munagwirizana.

Ichi n'chifukwa chake m'kalata muja muli funso loti mtengowu ukhala mpaka liti. Kuno kwathu madola ku banki si chinthu chongofika n'kutenga, mutha kudikira, nde ngati mtengo wawo ndi wa masiku 15 okha auzeni poyera kuti kutumiza ndalama kuchokera ku Malawi kumachedwa, akupatseni masiku 30 kapena kuposa. Kunena zoona pamenepa kumathandiza kusiyana n'kungosowa milungu itatu iwo n'kumaganiza kuti munali wongoseweretsa.

Dzina la pa akaunti ya ku banki lifanane ndi dzina la kampani la pa invoisi. Mukadzalandira imelo yoti akaunti yathu yasintha, tumizani ku iyi, imani kaye, muimbireni pa vidiyo munthu amene mwakhala mukuyankhula naye uja. Akuba amalowa m'maimelo a mafakitale n'kumadikira nthawi ya malipiro, adiresi yawo imasiyana ndi yeniyeni ndi chilembo chimodzi. Ngati mungathe kulipira kudzera pa Trade Assurance, njira ya Alibaba yotetezera ndalama za wogula, pa oda yoyamba ndi bwino kutero, ngakhale pali kandalama kowonjezera.

Za kalendala, Chaka Chatsopano cha ku China chimagwa pakati pa kumapeto kwa Januwale ndi pakati pa Febuluwale, mafakitale amatseka milungu ingapo, antchito amapita kumidzi ndipo ena sabwerera, nde katundu wosokedwa mothamanga tchuthi chisanayambe kapena ndi anthu atsopano chitangotha ndi amene amakonda kubwera ndi zilema. Sabata yoyamba ya Okutobala amatsekanso. Ine zikwama zoti zigulitsidwe sukulu zikamatsegulira mu Seputembala, kalata ija ndimaitumiza mu Malichi: mwezi umodzi wa kukambirana ndi masampulo, wina wodikira madola, wina wosoka, iwiri ya panyanja ndi pamsewu, mu Ogasiti makatoni ali ku Limbe mavenda akuyamba kufunsa.